Mkaka ukaundana mu tiyi, khofi kapena supu ya tomato: chimene chimachititsa ndi mmene mungapewere

Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kuno ku Salima, eni matiyirumu a pa Kamuzu Road, Chipoka ndi Khombedza amataya tiyi wambiri chifukwa cha vuto limodzi. Mkaka umaoneka wabwinobwino m'chigubu, fungo lake losadandaulitsa, koma ukangogwera mu tiyi wotentha umagawikana: timibulu toyera timayandama pamwamba, tina timatsikira pansi, ndipo tiyiyo amasanduka madzi otuwa. Zomwezi zimachitika mu khofi, komanso mu supu ya tomato imene mwathiramo mkaka kuti ikhale yofewa. Zinthu zimene zimachita izi ndi ziwiri, asidi ndi kutentha, ndipo zimagwira ntchito mothandizana. Mukachepetsa chimodzi, chinacho pachokha nthawi zambiri chimalephera.

Chimene chimachitika mkati mwa mkaka

Mu mamililita 100 a mkaka wa ng'ombe muli mapuloteni oposa pang'ono magalamu 3. Pafupifupi magawo 80 pa 100 a mapuloteniwa ndi a mtundu wotchedwa kesini. Kesini amayandama mu mkaka ali m'timagulu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo timaguluti timakankhana, sitilola kugundana. Ndi chifukwa chake mkaka wabwino umakhala wosalala. Asidi akalowa, mphamvu yokankhanayo imachepa, timagulu tija timamatirirana, timakula mpaka kuoneka. Timibulu mukuona m'kapumo ndi kesini amene wagwirana, ndipo madzi achikasu otsalawo ndi mbali ina ya mkaka yomwe yasiyidwa.

Kuwawasa kwa chinthu amakuyeza ndi nambala yotchedwa pH. Nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Mkaka wongokamidwa kumene uli pafupi ndi 6.7. Ukatsika kufika 4.6 umaundana ngakhale uli wozizira, monga zimakhalira ndi chambiko. Koma ukatenthedwa sudikira kufika pamenepo. Kutentha kumachititsa timagulu ta kesini kuthamanga ndi kugundana kwambiri, choncho mkaka umene wangotsika pang'ono, umene lilime silinayambe n'komwe kuuzindikira kuti wasasa, umatha kugawikana ukawira.

Tsono tiyi wakuda ndi khofi ali ndi asidi wawo, onse ali chapafupi ndi 5. Tomato ali pakati pa 4 ndi 4.6. Mandimu ali pakati pa 2 ndi 3, ndipo bwemba, malambe, chidede ndi viniga nazo n'zowawasa kwambiri. Mkaka watsopano uli ndi mphamvu yolimbana ndi asidi wochepa wa mu tiyi, ndipo umapambana mosavuta. Mkaka umene wakhala maola angapo pa kutentha wagwiritsa kale ntchito mphamvu imeneyo. Uli ngati bwato lodzaza kale katundu, limene limamira ndi funde loti bwato lopepuka silikanalimva.

Katunduyo amachokera ku mabakiteriya. Amadya shuga wa mu mkaka n'kutulutsa asidi, ndipo kukatentha kuposa madigiri 30, monga zimakhalira kunyanja kuno m'chilimwe, ena mwa iwo amatha kuwirikiza chiwerengero chawo pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Mkaka wokamidwa mbandakucha, n'kuyenda pa njinga padzuwa m'chigubu chosatsuka bwino, umafika ku tiyirumu utayamba kale ulendo wopita ku chambiko. Pa makapu ambiri amene amagawikana, cholakwa si tiyi ayi. Ndi mkaka.

Yesani mkaka musanauthire

Njira yodalirika ndi imene amagwiritsanso ntchito m'malo ogulira mkaka kwa alimi, ndipo sifuna chida chilichonse. Tengani supuni yaikulu yachitsulo, thiranimo mkaka, ikani pamoto wa mbaula kapena wa kandulo mpaka uwire. Pendeketsani supuniyo. Mkaka ukatsetsereka wosalala, ndi wabwino. Mukaona timibulu tikumatirira ku supuni, ngakhale tochepa ngati mchenga, mkakawo sulowa mu tiyi, ndipo ukawiritsidwa wonse ugawikana m'poto momwemo. Kuyesaku kumatenga mphindi imodzi. Chitani wogulitsayo akadali pomwepo, musanalipire.

Kununkhiza kokha sikokwanira, chifukwa mphuno imazindikira mochedwa kuposa moto.

Pali mkaka wina umene umalephera mayesowa ngakhale uli wongokamidwa kumene. Ng'ombe ikangobereka imatulutsa mkaka wachikasu wokhuthala, umene umaundana ukangotenthedwa. Umenewo ndi wa mwana wa ng'ombe, ndipo mkaka wogulitsa uyenera kudikira pafupifupi sabata imodzi. Mkaka wa ng'ombe yotupa bere nawonso umakhala ndi timibulu ndipo umamveka kamchere. Mkaka wa mbuzi supirira moto ngati wa ng'ombe, choncho umafuna moto wodekha.

Mkaka ukapambana mayeso, uwiritseni nthawi yomweyo, osadikira kuti makasitomala achepe. Mukamatenthetsa muzitakasa kuti usapserere pansi, ukangofufuma chotsani pamoto. Kenako uziziritseni msanga poimika poto m'beseni la madzi ozizira, muvindikire, ndipo madziwo muwasinthe akafunda. Kuwiritsa kumapha mabakiteriya ambiri, koma sikuchotsa asidi amene wapangika kale, ndiponso sikuteteza mkaka tsiku lonse. Mukauthiranso m'chigubu chakale chija, mwaubwezera kwa adani ake. Zigubu zapulasitiki za kukamwa kwakung'ono n'zovuta kwambiri, chifukwa dzanja silifika m'makona momwe mumatsalira mkaka wadzulo. Chidebe cha kukamwa kwakukulu, chotsukidwa ndi sopo, chotsukuluzidwa ndi madzi owira, n'kuchiyanika chozondotsa padzuwa, chimawonjezera maola pa moyo wa mkaka.

Amene ali ndi furiji asaikhulupirire kwambiri magetsi akazima usiku. Mkaka umafuna kuzizira kosapitirira madigiri 5. Wa m'bokosi uja wokhalitsa umakhala miyezi usanatsegulidwe, koma ukatsegulidwa umafanana ndi wina uliwonse. Popanda furiji uthereni tsiku lomwelo.

Tiyi wa m'ketulo yaikulu

Tiyerekeze tiyirumu yophika malita 5 a tiyi nthawi imodzi, ndi lita imodzi ya mkaka. Chizolowezi chofala ndi kuthira masamba ambiri m'madzi, kusiya ketulo ikubwata pa mbaula kuyambira m'mawa, n'kumangowonjezera madzi ndi masamba. Tiyi wotereyu amada bii ndipo amakhala wonyung'unya, chifukwa masamba akakhalitsa m'madzi otentha amatulutsa tanini wambiri. Tanini amagwirana ndi mapuloteni a mu mkaka. Pang'ono pokha n'zabwino, ndi zimene zimapangitsa kuti tiyi wamkaka akhale wofewa pakamwa. Koma akachuluka, n'kukumana ndi mkaka wotopa pa moto waukulu, amathandizira kugawikana.

Chitani motere. Wiritsani malita 5 a madzi, chotsani ketulo pamoto, thiranimo masamba magalamu 40 mpaka 50, omwe ndi masupuni aang'ono pafupifupi 20. Masamba ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje amene timagula ndi osinja ting'onoting'ono, ndiye amatulutsa mphamvu msanga. Mphindi 3 kapena 4 zakwana. Sefani masamba onse, osasiya ngakhale pang'ono pansi pa ketulo. Pa nthawi imene masamba akuviikayo, tenthetsani mkaka mu poto wina mpaka uyambe kutulutsa nthunzi ndi tithovu m'mbali, koma osabwata.

Tsopano pa kuthira, dongosolo lake ndi lofunika. Yambani ndi mkaka m'kapu kapena m'ketulo yoperekera, kenako tiyi pamwamba pake pang'onopang'ono mukutakasa. Mukatero, asidi wochepa amalowa mu mkaka wochuluka, ndipo mkakawo umamugonjetsa asanachuluke. Mukachita zosemphana, madontho oyamba a mkaka amagwera okha m'nyanja ya tiyi wowira, ndipo ndi amenewo amene amayamba kuundana. Ndi mkaka watsopano kusiyanaku simungakuone. Ndi mkaka wa masana, kumasiyanitsa kapu yogulitsika ndi yotaya.

Musasunge tiyi wosakaniza kale ndi mkaka pamoto kwa maola. Tiyi wakuda wosefa akhale mu fulasiki yake, mkaka wotentha mu ina, musakanize pa kapu iliyonse. Fulasiki ya mkaka ikhale yotenthadi, kuposa madigiri 60. Ikangofika pofunda chabe, yasanduka malo oswanirana mabakiteriya. Chitsekero chake ndi kamphira ka m'kati muzitsuka tsiku lililonse, chifukwa fungo losasa limabisala m'menemo.

Mandimu ndi mkaka sizikhalira kapu imodzi, ndipo palibe luso limene lingasinthe izi. Madontho ochepa okha amakwanira. Supuni imene yatakasa tiyi wa mandimu isalowe mu tiyi wamkaka isanatsukidwe, chimodzimodzi sefa ndi kapu. Chidede nachonso musachithire mkaka. Ofuna fungo la mandimu mu tiyi wamkaka agwiritse ntchito udzu wonunkhira mandimu uja, lemonigirasi, chifukwa ulibe kuwawasa.

Jinja ali ndi nkhani yakeyake, imene imasokoneza anthu chifukwa iye si wowawasa. Jinja wamuwisi ali ndi michere yodula mapuloteni, imene imagwira ntchito kwambiri mkaka ukafunda pa madigiri 60 mpaka 70. Mukasinja jinja n'kumuthira mu mkaka wozizira kenako n'kuika pamoto, mkakawo umadutsa pa kutentha kumeneko pang'onopang'ono ndipo ukhoza kuundana ngakhale ndi wa lero. Wiritsani jinja m'madzi kaye kwa mphindi 5, mphamvu yodulayo imafa, kenako masamba a tiyi, mkaka pomaliza. Chinanazi ndi papaya zaziwisi zilinso ndi michere yofananayo, ndipo zimatha kuwawitsa mkaka zikakhalitsamo.

Khofi, mkaka waufa ndi wa soya

Khofi amavuta kuposa tiyi. Wokazingidwa pang'ono, wofiirira, ali ndi asidi wambiri kuposa wokazingidwa mpaka kuda. Khofi akakhalanso mu fulasiki kapena pamoto kwa maola amanka nawawasa, choncho amene analandira mkaka bwino m'mawa akhoza kuukana masana. Phikani wochepa wochepa. Ngati ndi waufa wosungunula, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri madzi atachoka pamoto, sungunulani khofi yekha, kenako mumuthire mu mkaka wofunda. Kuthira ufa wa khofi mwachindunji pa mkaka wochepa wa pansi pa kapu kumaunjika asidi yense pamalo amodzi.

Mkaka waufa uli ndi vuto lina limene anthu amalisokoneza ndi kugawikana. Ukathiridwa m'madzi owira, kunja kwake kumapsa n'kumata, mkati mukadali ufa wouma. Kuti mudziwe, phwanyani kam'bulu ndi supuni: mukapeza ufa mkati, vuto ndi kasungunulidwe. Sungunulani masupuni awiri aang'ono m'madzi ofunda ochepa mpaka pakhale phala losalala, ndiye muthire tiyi. Ufa umene wakhala m'chitini chosatseka bwino nthawi ya dzinja umayamwa chinyezi, umalimba, ndipo susungunukanso bwino ngakhale mutachita zonsezi.

Mkaka wa soya umagawikana msanga kuposa wa ng'ombe, makamaka mu khofi. Umadananso ndi madzi okhala ndi laimu wambiri, monga a mijigo ina imene imasiya zoyera zolimba pansi pa ketulo ndipo sopo sachita thovu bwino. Pa soya lamulo lija la mkaka poyamba ndi lokhwima: ufunditseni, uchulutseni, ndipo khofi azizireko pang'ono. Madzi a laimu aja amasiyanso kakhungu konyezimira pamwamba pa tiyi wakuda. Kameneko sikachokera ku mkaka, monganso khungu lija limene limabwera pamwamba pa mkaka wowiritsa silitanthauza kuti wawonongeka. Lichotseni ndi supuni kapena sefa basi.

Supu ya tomato yothira mkaka

Apa asidi ndi wambiri kuposa mu tiyi, ndipo ngakhale mkaka wa m'mawa womwewo ukhoza kugawikana. Pali zikhulupiriro ziwiri zoyenera kutaya. Choyamba n'chakuti shuga amachotsa asidi. Amangobisa kuwawasa pa lilime, asidiyo amakhala alipo yense. Chachiwiri n'chakuti kuphika tomato nthawi yaitali kumamuchotsa asidi. Chimene chimatuluka ndi nthunzi ndi madzi, asidi wa tomato amatsala m'poto ndipo amaunjikana supu ikamaphwera. Tomato wa m'chitini wokhuthala uja ndiye woposa.

Zoteteza zenizeni ndi zitatu: ufa, mafuta ndi soda. Ufa ukapsa umatupa n'kukhuthalitsa madzi, timagulu ta kesini timalephera kupezana. Mafuta nawo amatchinga, ndi chifukwa chake kirimu wokhuthala, wa mafuta oposa magawo 30 pa 100, amatha kuwira mu supu osagawikana, pamene mkaka wochotsedwa mafuta umagawikana msanga kuposa wina uliwonse. Soda, yemwe timaphikira therere, amapha asidi mwachindunji.

Nayi supu ya chambo ya anthu anayi. Kazingani anyezi mmodzi m'masupuni awiri aakulu a mafuta, thiranimo tomato wakupsa bwino anayi kapena asanu, pafupifupi theka la kilogalamu, muphike mphindi 15 mpaka asungunuke. Tomato wosapsetsa amakhala wowawasa kwambiri, musamusankhe pa supu iyi. Chepetsani moto, thiranimo soda wokwana kota ya supuni yaing'ono, mutakase. Pachita thovu kwa kanthawi. Dikirani lithe, chifukwa thovulo likusonyeza kuti soda akulimbana ndi asidi. Musapitirize muyezo umenewu. Soda wambiri amapatsa supu kakomedwe ka sopo, amaidetsa mtundu, ndipo amawononga ena mwa mavitamini. Ikani nsomba yokazinga kale, muthire madzi theka la kapu, iphike mpaka ipse. Zonse zofuna moto waukulu zithere pamenepa, mkaka usanafike.

Mu poto wina, sungunulani supuni imodzi yaikulu ya ufa wa tirigu mu mkaka wozizira wochepa, kenako onjezerani wotsala kuti ukwane kapu imodzi, mamililita 250. Ufa wa chinangwa umagwiranso ntchito, koma uchepetseni kufika masupuni awiri aang'ono, chifukwa ukachuluka supu imatereka ngati therere. Tenthetsani mukutakasa mpaka mkakawo ukhuthale moti umatira kumbuyo kwa supuni. Sitepe imeneyi anthu ambiri amaidumpha, amangothira ufa wauwisi ndi mkaka pamodzi mu supu yowira, koma ufa wosapsa sunatupe ndipo sungateteze kanthu pa mphindi yoyamba ija imene ngozi ili.

Tungani supu ya tomato masupuni atatu aakulu, muthire mu mkaka imodzi imodzi mukutakasa. Onjezerani ena atatu. Mkaka ukasanduka wofiirira ndipo ukadali wosalala, chotsani poto wa nsomba pamoto, mudikire kubwata kusiye, ndiye muthiremo mkakawo mozungulira, n'kugwedeza poto kuti nsomba isaphwanyike. Bwezerani pa moto wochepa kwa mphindi 2 kapena 3. Pa mbaula, chotsani makala ena kapena ikani poto chakumbali. Tithovu tiwiri titatu m'mbali n'tololedwa, kubwata ayi. Mchere wambiri umafooketsanso mapuloteni a mkaka, choncho nsomba ithiridwe mchere wake pokazinga, ndipo wotsalawo mulawe n'kuthira pomaliza. Mandimu aliyense afinyire m'mbale mwake.

Potenthetsanso supu yotsala madzulo, moto ukhale wochepa, muthiremo timadzi, muzitakasa mpaka itenthe mokwanira mkati monse. Supu zambiri zimene zinatuluka bwino masana zimagawikana pa kutenthetsa kwachiwiriku chifukwa choikidwa pa makala oyaka n'kusiyidwa.

Njira yomweyi imagwira ntchito pa nkhuku yophika ndi curry yothira yogati kapena chambiko. Izi n'zowawasa kale, choncho zimafuna ufa nthawi zonse, supuni yaing'ono imodzi pa kapu, ndipo zimalowa poto atachoka pamoto. Pa phala la malambe kapena la bwemba, phikani phala lipse likhuthale, muthire chipatsocho, lizizireko, mkaka ubwere pomaliza m'mbale.

Zikachitika kale

Kesini akagwirana sabwereranso mmene analili. Tiyi wogawikana mukhoza kumusefa, koma amatsala wopanda thupi, ndipo si wopatsa kasitomala. Supu ili ndi mwayi mukaona msanga, timibulu tikadali ting'onoting'ono ngati mchenga. Chotsani pamoto nthawi yomweyo, tulutsani nsomba, imikani poto m'madzi ozizira. Phikani padera supuni yaing'ono ya ufa m'theka la kapu ya madzi mpaka ikhuthale, muithire mu supu, mupukuse mwamphamvu ndi lupukuso kapena muidutsitse pa sefa mukukanikiza ndi supuni. Timibulu timaphwanyika n'kubisala m'kukhuthalako, ngakhale supuyo sifika pa kusalala kwa poyamba.

Funso lakuti n'zodyeka kapena ayi limadalira chimene chinaundanitsa. Mkaka wabwino umene wagawikana chifukwa cha tomato, mandimu kapena jinja ulibe vuto, wangonyansa maonekedwe. Mkaka umene walephera mayeso a supuni koma ukungomveka kuwawasa koyera, konga kwa chambiko, ukhoza kulowa mu chigumu, zitumbuwa kapena mandasi tsiku lomwelo, kumene umapsa bwino ndipo asidi wake amathandiza soda kufufumitsa. Koma wowawa, wonunkha chivundi, wotanuka ngati ulusi mukautunga, kapena wa m'paketi yotupa, utayeni. Mkaka wa m'sitolo wophikidwa kale ku fakitale nthawi zambiri umawonongeka mwa njira imeneyi, umawola m'malo mosasa bwino, ndiye musayembekezere kuti usanduka chambiko. Mkaka uliwonse wokayikitsa usapite kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera kapena odwala.

Soda amene wathandiza pa tomato asalowe m'chigubu cha mkaka wosasa. Amapha asidi, mkaka umapambana mayeso a supuni ndipo umalowa mu tiyi osagawikana, koma mabakiteriya onse amakhala alimo, ndipo asidi amene amachedwetsa ena oopsa wachotsedwa. Mukamagula, mkaka womveka ngati sopo pa lilime, woterera pakati pa zala, kapena umene ukuda mofiirira msanga mukauwiritsa, ukhoza kukhala wothiridwa soda, ndipo ndi bwino kuubweza.